Ndalama za pa Ukalamba kwa Wolandira mwa Apo ndi Apo: Masamu a Mnyamata wa kwa Kaomba

Kwa Kaomba ku Kasungu ndalama imayendera nyengo ya fodya. Nazale amafesa cha mu Seputembala ndi Okutobala, kuwokera kumadza ndi mvula yoyamba, kuthyola, kusoka ndi kuyanika m'zigafa kumatenga miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, ndipo msika umatsegulidwa cha mu Epulo. Mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, mlimi amagwira m'masabata ochepa ndalama imene wakhetsera thukuta chaka chonse. Omanga nyumba, akabaza, ogulitsa kaunjika ndi osoka zovala nawonso amakolola nthawi yomweyo, popeza makasitomala awo ndi alimi omwewo. Ikafika Januwale, m'thumba mwa aliyense mumakhala mbee.

Munthu wolandira chonchi akamva malangizo oti azisunga ndalama yakutiyakuti mwezi uliwonse, amaona ngati akunena za aphunzitsi ndi anamwino. Pamenepa ali ndi mfundo. Wolembedwa ntchito ali ndi lamulo lomuteteza: kuyambira mu 2011 lamulo la penshoni limakakamiza bwana kuika ndalama yosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro m'thumba la penshoni, wantchito n'kuwonjezerapo K5, ndipo lamulo latsopano la 2023 linasunga magawo omwewa. Mlimi wa fodya ndi wakabaza alibe wowadulira. Thandizo la Mtukula Pakhomo limapita ku mabanja ovutikitsitsa okha, si la aliyense amene wakalamba. Choncho masamu amene a penshoni amawerengera wa mu ofesi, mnyamata wa kwa Kaomba ayenera kudziwerengera yekha. Masamuwo si ovuta. Cholembera, kope ndi foni ya mabatani yokhala ndi chowerengera nambala n'zokwanira.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 25 amene amalima fodya wa bale, soya pang'ono, ndipo miyezi ina amayendetsa njinga ya kabaza pa boma. Nambala zonse za mnyamatayu ndi zachitsanzo chabe. Inu muikepo zanu.

Yambani ndi zimene mudzafune, pa mitengo ya lero

Funso loyamba ndi lakuti: mukanakhala kuti mwakalamba lero, mwezi umodzi ukanakudyerani ndalama zingati? Lembani ufa, ndiwo, sopo, shuga, mchere, makala kapena nkhuni, mankhwala, mayendedwe opita ku chipatala, mayunitsi a foni, chopereka ndi chipepeso cha pa maliro. Musaiwale aganyu, chifukwa msana umene ukupalira lero sudzapalira pa zaka 70. Mnyamata wathu atawonkhetsa wapeza K150,000 pa mwezi, ya iye ndi mkazi wake, m'nyumba yawoyawo.

Si ndalama yonseyi imene idzachokere m'thumba losunga. Munda ulipo, nkhuku ndi mbuzi zilipo. Iye akuona kuti zimenezi zizidzampatsa chakudya ndi ndalama zokwana K50,000 pa mwezi. Pano ndikulangizani kuumira: werengani zokhazo zimene zili m'manja mwanu. Thandizo la ana musaliike m'masamu. Likadzabwera lidzakhala lowonjezera, koma ana amene sanabadwe n'komwe sitingawalembere ngongole. Chotsala ndi K100,000 pa mwezi, kapena K1,200,000 pa chaka. Imeneyi ndiye ndalama imene thumba liyenera kudzatulutsa.

Wina afunsa kuti K100,000 idzagula chiyani pakatha zaka 35. Funsoli ndi lalikulu kuposa onse m'mutu uno, ndipo Mmalawi safunika kuuzidwa chifukwa chake. Mu Meyi 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha pa K1,700. Ndalama yapepala ya K2,000 inatuluka mu 2016, ya K5,000 mu 2022, chifukwa zakale zinasiya kukwana. Mitengo ikamakwera ndi 15 peresenti chaka chilichonse, imawirikiza kawiri pa zaka 5 zilizonse. Pa zaka 35 ndiye kuti yawirikiza kasanu ndi kawiri, ndipo chinthu cha K1,000 chimafika pa K130,000 ndi kupitirira.

Palibe amene angalosere kukwera kwa mitengo kwa zaka 35. Njira yabwino ndi kusalosera konse. Timawerengera zonse pa mitengo ya lero, ndipo chaka chilichonse timakweza nambala zathu molingana ndi mmene zinthu zakwerera. Kuti izi zigwire bwino m'mutu, sandutsani ndalamazo matumba a chimanga. Ngati thumba la makilogalamu 50 lili pa K50,000, ndiye kuti mnyamata wathu akufuna matumba awiri pa mwezi, 24 pa chaka. Kwacha isinthe mmene ingasinthire, matumba awiriwo akhalabe awiri.

Phindu lenileni

Kuwerengera pa mitengo ya lero kumatikakamiza kuyang'ana chiwongoladzanja ndi diso lina. Tinene kuti mwaika K100,000 ku banki ndipo akupatsani 10 peresenti. Chaka chikatha muli ndi K110,000. Koma ngati mitengo yakwera ndi 30 peresenti, monga inkachitira mu 2024, katundu amene munkagula ndi K100,000 tsopano ali pa K130,000. Gawani 110 ndi 130, mupeza 0.85. Ndalama yanu yachuluka papepala koma ikugula zochepa ndi 15 peresenti. Mwataya, ngakhale buku la ku banki likuonetsa kuti mwapindula.

Tsopano tinene kuti kwina akupatsani 26 peresenti, atachotsa kale msonkho ndi zolipira zawo, m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 22 peresenti. Gawani 126 ndi 122, mupeza 1.033. Phindu lenileni ndi 3 peresenti ndi kakang'ono. Nambala yaing'onoyi ndi imene imamanga thumba la pa ukalamba, ndipo ndi imene tigwiritse ntchito. Ine ndimaona kuti munthu wosamala asayembekezere zoposa 3 peresenti pa zaka zambiri chonchi. Zaka zina phindu lidzaposa apa, zina lidzapita pansi pa ziro, ndipo amene amaika 10 peresenti m'masamu ake amadzipatsa chilolezo chosunga zochepa kwambiri.

Thumba likhale lalikulu bwanji?

Mnyamata wathu akufuna kusiya ntchito yolemetsa pa zaka 60. Adzadya thumbalo kwa zaka zingati? Apa ambiri amalakwitsa potengera nambala ya zaka zimene Amalawi amakhala ndi moyo, imene ili m'zaka za m'ma 60. Nambala imeneyo imatsitsidwa ndi imfa za ana aang'ono ndi za achinyamata. Amene wafika kale pa 60 nthawi zambiri amakhala ndi zaka zina zoposa khumi ndi zisanu kutsogolo. Tiike zaka 20, mpaka pa 80.

Thumba likanakhala kuti silibala phindu lenileni, koma likungoyendera limodzi ndi mitengo, masamu akanakhala a ku pulayimale: K1,200,000 kuchulukitsa ndi 20 ndi K24,000,000. Kugawa ndi zaka 35 zosunga, ndi K686,000 pa chaka, kapena K57,000 pa mwezi. Isungeni nambala imeneyi, tidzaibwerera.

Koma munthu akapuma satapa thumba lonse tsiku limodzi. Chaka choyamba amatapa gawo, zotsalazo n'kumabalabe. Pa phindu lenileni la 3 peresenti, kuti muzitapa K1 chaka chilichonse kwa zaka 20 simufunika K20, mufunika pafupifupi K15. Choncho K1,200,000 kuchulukitsa ndi 15 ndi K18,000,000. Limenelo ndiye thumba lofunika pa tsiku lopuma, pa mitengo ya lero. M'chimanga ndi matumba 360.

Mbali ina ya masamu ndi ya zaka zosunga. Mukamaika K1 chaka chilichonse kwa zaka 35, iliyonse n'kumabala 3 peresenti ndipo phindulo n'kumabalanso, pamapeto simukhala ndi K35, mukhala ndi pafupifupi K60. Ndiye gawani K18,000,000 ndi 60. Yankho ndi K300,000 pa chaka, kapena K25,000 pa mwezi. Theka la thumba la chimanga mwezi uliwonse, matumba asanu ndi limodzi pa chaka.

Amene ali ndi foni kapena kompyuta yokhala ndi Excel kapena Google Sheets angatsimikize nambalazi polemba mizere iwiri iyi:

```
=PV(0.03,20,-1200000)
=PMT(0.03,35,0,-18000000)
```

Mzere woyamba upereka K17,852,970, imene ife taizungulitsa kukhala K18,000,000. Wachiwiri upereka K297,707 pa chaka. Kusintha 0.03, 20 kapena 35 kukuonetsani yankho la msinkhu wanu ndi chiyembekezo chanu.

Ndi bwino kusewera nazo nambalazi pang'ono, chifukwa zimaphunzitsa kuposa ulaliki. Phindu lenileni likatsika kufika pa 2 peresenti, thumba lofunika limakwera kufika pa K19,600,000, nambala yogawira imatsika kuchoka pa 60 kufika pa 50, ndipo chosunga chimakhala cha m'ma K32,700 pa mwezi. Likafika pa ziro, ndi K57,000 ija. Taonani kuti kusiyana kwa maperesenti atatu okha kwawirikiza katundu wa mnyamatayu koposa kawiri. N'chifukwa chake funso la komwe ndalama ikugona ndi lolemera mofanana ndi funso la kuchuluka kwake.

Zaka zoyambira nazo zimaluma. Woyamba pa 35 ali ndi zaka 25 zokha, nambala yake yogawira ndi 36.5, ndipo afunika K41,000 pa mwezi kuti afike pa K18,000,000 yomweyo. Woyamba pa 45 agawa ndi 18.6, n'kupeza K80,000 ndi kupitirira. Ndipo popeza amayi kawirikawiri amakhala ndi moyo zaka zambiri kuposa abambo, komanso ambiri amakwatiwa ndi amuna owaposa msinkhu, banja lofuna kuteteza mayi liwerengere zaka 25 zodya m'malo mwa 20. Nambala yochulukitsira imakhala 17.4, thumba K20,900,000, chosunga cha m'ma K29,000 pa mwezi. Kuwonjezera K4,000 pa mwezi kuti mayi wamasiye asadzapemphe mchere kwa anansi pa zaka 82 ndi mtengo wotsika, ndipo ndikanakonda mabanja ambiri atausankha.

Kusandutsa mwezi kukhala nyengo

Tafika pa vuto lenileni la kwa Kaomba. K25,000 pa mwezi ndi yotheka mu Juni, koma mu Febuluwale ndi nthano. Munthu akadziikira lamulo la mwezi ndi mwezi n'kuliphwanya katatu motsatizana, amagwa ulesi n'kusiyiratu. Ndiye iwalani za mwezi. Ngongole yanu kwa nkhalamba imene mudzakhale ndi K300,000 pa chaka, ndipo masamu sasamala kwenikweni kuti yalowa kakhumi ndi kawiri kapena katatu.

Choyamba dziwani zimene mumapezadi. Pa fodya, nambala yofunika si imene yalembedwa pamwamba pa chikalata cha ku okushoni. Chotsanipo ngongole ya feteleza ndi mbewu ngati muli pa kontirakiti, misonkho ndi zodula za kumsika, mayendedwe a mabelo, ziguduli, mitengo ndi udzu wa chigafa, malipiro a aganyu, ndi zonse zimene munakongola kuti fodyayo afike pa sikelo. Chotsalacho ndiye chanu. Pa kabaza chotsani mafuta, zokonzetsa ndi ndalama ya mwini njinga.

Chachiwiri, musadalire chaka chimodzi. Alimi akale a ku Kasungu akukumbukira 2011, pamene fodya anachuluka, mitengo n'kugwa, mabelo n'kumabwezedwa, komanso 2012 pamene fodya anachepa mitengo n'kukwera. Tengani zaka zitatu. Mnyamata wathu, atawerengera zonse pa mitengo ya lero, anapeza K2,500,000 chaka chabwino, K1,500,000 chaka choipa, ndi K2,000,000 chaka cha pakatikati. Kuphatikiza n'kugawa patatu, ndi K2,000,000 pa chaka. Tsopano gawani K300,000 ndi K2,000,000. Yankho ndi 15 peresenti, K15 pa K100 iliyonse. N'zochititsa chidwi kuti nambalayi ikufanana ndi K10 ya bwana kuphatikiza K5 ya wantchito m'lamulo la penshoni. Kusiyana n'kwakuti wodzilemba yekha ntchito ndi bwana ndi wantchito yemwe, choncho magawo onse awiri ali pamutu pake.

Kusunga gawo m'malo mwa nambala yokhazikika kumathetsa mavuto awiri nthawi imodzi. Chaka chabwino mnyamatayu aika K375,000, choipa K225,000, cha pakati K300,000. Zonse pamodzi ndi K900,000, chimodzimodzi K300,000 katatu. Chaka chabwino chalipirira choipa popanda kumufinya. Komanso mitengo ikakwera, zimene amapeza zimakwera nazo, ngakhale mochedwerapo, ndipo gawo lake limakwera lokha. Fodya amagulitsidwa m'madola, zimene zimamuteteza pang'ono kwacha ikagwa, ngakhale feteleza naye amatsatira dola yomweyo.

M'kati mwa chaka, gawolo lingasunthidwe kupita kumene kuli mnofu. Pa K2,000,000 ija, tinene kuti K1,200,000 ndi ya fodya, K300,000 ya soya, ndipo K500,000 ya kabaza imene imabwera pang'onopang'ono n'kuthera pa ndiwo ndi sopo. Kudula K15 pa K100 iliyonse ya kabaza tsiku ndi tsiku n'kovuta, ndipo miyezi ya njala n'kosatheka. Ndiye aisiye ya kabaza idyedwe, adule K20 pa K100 iliyonse ya zokolola. Zokolola zonse ndi K1,500,000, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu ndi K300,000. Ngongole ya chaka yatha pakati pa Meyi ndi Ogasiti, m'maulendo atatu kapena anayi opita ku banki.

Nthawi yodulira ndi tsiku lomwe ndalama yalowa mu akaunti. Aliyense wa ku Kasungu amadziwa mmene boma limakhalira msika ukatsegulidwa: malata, njinga, mawailesi, mowa, ndi achibale amene sanaoneke chaka chonse. Ndalama imene yagona masabata awiri ikudikira kuti iikidwe padera siikidwa. Ngati banki yanu imalola kusaina pepala loti izisamutsa yokha ndalama kupita ku akaunti ina, sainani. Ngati ayi, samutsani nokha musanatuluke pakhomo pa banki.

Thumba limene liyenera kubwera poyamba

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa dongosolo lonseli, ndipo si ulesi. Ndi mwana wodwala mu Febuluwale, feteleza wobereketsa amene wasowa mu Januwale, kapena chaka cha chilala monga cha 2024, pamene boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Akuluakulu a ku Kasungu sanaiwale njala ya 2002. Munthu wopanda pothawira amatsegula thumba la pa ukalamba, kapena amapita kwa wakatapila, amene chiwongoladzanja chake cha mwezi umodzi chimameza phindu la zaka zingapo.

Choncho thumba la ngozi liyambe. Likhale ndi ndalama yodyera miyezi itatu ya Januwale mpaka Malichi, ndipo likhale poti mungatape msanga: ku banki mkhonde, ku akaunti wamba, kapena pa Mpamba ndi Airtel Money. Ndi bwinonso kugula feteleza wa chaka chamawa ndi chimanga chosunga nthawi yomwe mwagulitsa fodya, mitengo isanakwere. Ngati kudzaza thumba la ngozi kuchedwetsa la pa ukalamba ndi chaka chimodzi, lolani. Kuchedwako kuli ndi mtengo wodziwika: K300,000 ya chaka choyambacho ikanadzakhala cha m'ma K820,000 pa zaka 60. Ndi ndalama ndithu, koma ndi yochepa poyerekeza ndi kuphwasula thumba la zaka khumi chifukwa cha mvula imene sinabwere.

Ndalamayo igone kuti?

Masamu athu onse atsamira pa 3 peresenti ya pamwamba pa kukwera kwa mitengo, choncho malo aliwonse muziwayesa ndi muyeso umenewo. Pansi pa mphasa ndi pa foni ndalama imasungunuka. Akaunti wamba ya ku banki, m'zaka zimene mitengo yakhala ikukwera ndi maperesenti oposa 20 kuyambira mu 2022, yakhala ikupereka zochepa kuposa kukwerako. Ndi malo odutsira ndalama basi.

Banki mkhonde imapereka phindu looneka lalikulu, ndipo yathandiza mabanja ambiri. Koma inapangidwira chaka chimodzi. Imagawana kumapeto kwa chaka, nthawi zambiri mu Disembala pamene zofuna zili mbwee, phindu lake limachokera m'matumba a mamembala omwewo, ndipo wobwereka mmodzi akathawa nonse mwalira. Siingasenze mamiliyoni kwa zaka 35. Gwiritsani ntchito ngati posonkhanitsira, ndipo tsiku logawana mutenge gawo la ukalamba mupite nalo kwina.

Kwinako kulipo. Lamulo la penshoni limalola munthu wodzigwirira ntchito kulowa m'thumba la penshoni mwakufuna kwake, ndipo makampani monga Old Mutual ndi NICO ndi ena mwa amene amayendetsa matumba a penshoni ndi osungitsa ndalama m'dziko muno. Ubwino wa penshoni ndi womwe ambiri amadana nawo: ndalama imatsekeredwa. Pali mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama a SACCO, amene ambiri ali pansi pa MUSCCO, bungwe limene linayamba mu 1980. Pali kubwereketsa boma ndalama kwa masiku 91, 182 kapena 364 kudzera ku banki. Pali masheya a pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, amene mtengo wake umakwera ndi kutsika, choncho amayenera ndalama imene simudzaifuna kwa zaka khumi kapena kuposa. Kulikonse funsani mafunso anayi: kodi muli ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi; zaka zisanu zapitazi munapereka phindu lanji mutachotsa zolipira ndi msonkho; ndikalephera kuika miyezi isanu ndi umodzi chichitike n'chiyani; ndikamwalira ndalama ipita kwa ndani. Funso lachitatuli ndi la moyo kwa wolandira mwa apo ndi apo, chifukwa mapangano ena a inshuwalansi amafuna ndalama mwezi uliwonse ndipo amafa mukadumphitsa. Wokulonjezani kuwirikiza ndalama m'miyezi itatu mutalikireni, ngakhale abwere ndi m'bale wanu.

Ng'ombe, malo ndi nyumba yochititsa lendi nazo ndi thumba, ndipo zimatsatira mitengo bwino kuposa kwacha. Ziwerengedwe moona mtima. Ng'ombe imadwala, imabedwa, imafuna woweta. Nyumba imadontha ndipo miyezi ina imakhala yopanda munthu. Ngati kachipinda pa boma kadzabweretsa K40,000 pa mwezi, werengani K30,000, muichotse pa K100,000 ija, muwerengere thumba pa K70,000 yotsalayo. Musaike zonse pamalo amodzi. Maka musaike zonse mu fodya, kuwonjezera zigafa ndi maekala n'kumati ndiyo penshoni, chifukwa chaka chimene fodya adzagwe, malipiro anu ndi thumba lanu zidzagwera limodzi.

Amene amalembedwa ntchito ya nyengo ku esiteti kapena ku kampani afunse ngati akudulidwa ya penshoni, aonenso ndi maso chikalata cha ku kampani ya penshoni chosonyeza kuti ndalamayo ikufikadi. Ngati malipiro ndi K120,000 kwa miyezi isanu ndi umodzi, magawo awiri aja apereka K18,000 pa mwezi, K108,000 pa nyengo. Ichotseni pa K300,000, mutsale ndi K192,000 yoti muike nokha. Ntchito ikatha, pewani kuthamangira kukatapa imene lamulo likulolani kutapa.

Kuyeza chaka ndi chaka

Sankhani mwezi umodzi, mwina Seputembala msika utatsekedwa, mukhale pansi ndi kope. Kwezani nambala zonse ndi kukwera kwa mitengo kwa chakacho, kumene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imalengeza mwezi uliwonse ndipo wailesi imaulutsa. Ngati mitengo yakwera ndi 25 peresenti, K300,000 yasanduka K375,000, ndipo K18,000,000 yasanduka K22,500,000. Mukagwiritsa ntchito chimanga ngati muyeso, yezani mwezi womwewo chaka chilichonse, popeza mtengo wa mu Meyi ndi wa mu Febuluwale ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chaka cha njala chimanga chimakwera kuposa zina zonse. Chaka chotero musachite mantha ndi zimene muyesowo ukunena.

Kenako yerekezani zimene zili m'thumba ndi pamene muyenera kukhala. Pakatha zaka 5, thumba likhale ndi ndalama ya zaka zisanu ndi kakang'ono, kuchulukitsa chosunga cha pa chaka ndi 5.3. Pakatha zaka 10 muchulukitse ndi 11.5, pakatha 20 ndi 27. Kwa mnyamata wathu, pa mitengo ya lero, ndi K1,590,000, K3,450,000 ndi K8,100,000. Onani kuti pakatha zaka 20 mwa 35 amakhala asanafike n'theka lomwe, koma ali pa mzere. Phindu lalikulu limabwera m'zaka zomaliza, thumba litakula, ndipo ambiri amataya mtima asanafike pamenepo chifukwa palibe anawauza.

Mukapeza kuti mwatsalira, funsani kuti vuto lili pati. Ngati mwaika zochepa, chaka chabwino chotsatira mudule K25 m'malo mwa K20. Ngati mwaika zonse koma thumba likutsalirabe zaka zitatu motsatizana, ndiye kuti malo amene ndalama ikugona akulephera kuthamanga ndi mitengo, ndipo yankho ndi kusamutsa, osati kuwonjezera. Ngati 15 peresenti yakanika ndithu, pali zinthu zitatu zokha zimene mungasunthe: kuchepetsa zimene mudzafune, kuwonjezera zaka zogwira ntchito, kapena kupeza zambiri. Kupuma pa 65 m'malo mwa 60 kumapatsa zaka 40 zosunga ndi 15 zodya. Nambala yochulukitsira imakhala 12, yogawira 75, ndipo K14,400,000 kugawa ndi 75 ndi K192,000 pa chaka, K16,000 pa mwezi. Ndipo amene angakwanitse theka lokha la gawolo adziwe kuti masamuwa amayenda mofanana: theka la chosunga limabala theka la thumba, K50,000 pa mwezi m'malo mwa K100,000.

Msika usanatsegulidwe chaka chino, lembani nambala zanu zinayi: zimene mudzafune pa mwezi, zaka zimene zatsala kuti mupume, zimene mwapeza m'zaka zitatu zapitazi, ndi gawo limene latuluka mutagawa. Tsegulani akaunti yolandirira gawolo mabelo asanapite ku Chinkhoma, ndipo mnzanu wa m'banja adziwe kumene ili ndi dzina limene lalembedwa kuti lidzalandire.